Kulemba zilankhulo pa mbiri yofunsira ntchito kunja

Bungwe la mayiko ambiri likalengeza ntchito, nthawi zambiri limafuna mbiri yachidule ya wofunsayo, ndime imodzi kapena ziwiri. Amalawi ambiri pa nkhani ya zilankhulo amangolemba kuti "Chingerezi ndi Chichewa" n'kudumphira pa za masukulu. Ena amalemba mndandanda wautali, Chifalansa, Chipwitikizi, Chiswahili, pomwe m'zilankhulozo amangodziwa kupereka moni. Wosankha anthu sapezapo chogwira, chifukwa akufuna kudziwa ngati mungatsogolere msonkhano, kulemba lipoti kapena kufunsa mayi wodwala m'chilankhulocho.

Chilankhulo chilichonse chizikhala ndi mlingo wake. Mlingo wodziwika kwambiri ndi wa CEFR, umene bungwe la Council of Europe linatulutsa mu 2001. Uli ndi masitepe asanu ndi limodzi, kuyambira A1 mpaka C2. Munthu wa A2 angathe kugula zinthu pamsika ndi kufunsa njira. Wa B2 angathe kutsutsana ndi anzake pa nkhani ya ntchito yake popanda kupunthwapunthwa, ndipo wa C1 amalemba kalata yaulemu yopita kwa nduna popanda womukonzera. Dziwaninso kuti kumva, kulankhula, kuwerenga ndi kulemba sizikulira limodzi. Mwana wa ku Mwanza kapena ku Dedza amene anakulira m'malire atha kulankhula Chipwitikizi cha pamsika bwinobwino koma osatha kulemba ndime imodzi. Alembe choncho: kulankhula B1, kulemba A2. Kunena zoona pamenepa n'kudziteteza, chifukwa pa mafunso a ntchito mmodzi wa ofunsawo atha kungosintha chilankhulo mwadzidzidzi, ndipo pamenepo bodza lilibe pobisala. Ngati muli ndi satifiketi, tchulani chaka chimene munaipeza. Zotsatira za IELTS zimalandiridwa kwa zaka ziwiri zokha, pomwe DELF ya Chifalansa ndi ya moyo wonse.

Chichewa chenichenicho timachipeputsa tokha. Munthu wa ku Geneva kapena Nairobi sangadziwe kuti chilankhulo chimenechi ndi chomwe ku Zambia ndi ku Mozambiki amachitcha Chinyanja. Mukalemba mayina onse awiri n'kuwonjezera kuti chimamveka ku Lusaka, ku Chipata, ku Tete ndi ku Niassa, mwamuonetsa kuti mungagwire ntchito m'mayiko atatu. Chiyao nachonso chimawoloka malire mpaka kumpoto kwa Mozambiki ndi kumwera kwa Tanzania. Chitumbuka chili ku Lundazi, Chisena chili m'chigwa cha Zambezi. Bungwe lothandiza anthu pa ngozi ya madzi osefukira lingafune Chisena kuposa Chifalansa.

Tiyerekeze namwino amene wagwira ntchito zaka zinayi pa msasa wa Dzaleka ku Dowa, kumene kuli anthu othawa kwawo ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Tsopano akufunsira ntchito ya zaumoyo ku Tete. Poyamba analemba kuti amatha kugwira ntchito ndi anthu a zikhalidwe zosiyanasiyana. Mawu amenewa aliyense amawalemba, ngakhale amene sanachokepo pa mudzi wake. Mbiri yabwino inganene izi: "Ndimalankhula Chichewa kapena kuti Chinyanja kuyambira ubwana, Chingerezi C1, Chiswahili B1 cholankhula. Ku Dzaleka ndinkachita sikelo ya amayi oyembekezera m'Chiswahili, ndipo kwa olankhula Chirundi ndinkagwira ntchito ndi omasulira. Nditaona kuti amayi ena samasuka pamene womasulira ndi mwamuna, ndinakonza zoti masiku a sikelo pazikhala omasulira aakazi." Apa wowerenga waona malo, anthu, vuto ndi chimene namwinoyo anachita. Ngati ali ndi chiwerengero chenicheni cha amayi amene ankawaona pa mwezi, achiike. Ngati alibe, asapeke.

Chipwitikizi namwinoyu sachidziwa, ndipo ku Tete adzachifuna polemba malipoti a boma. Asachibise. Chiganizo chimodzi chonena kuti anayamba kuphunzira m'mwezi wakutiwakuti ndipo ali pa A1 n'chokwanira.

Kukwera ndege kupita ku msonkhano wa masiku atatu ku Johannesburg si kudziwa chikhalidwe cha ena, ngakhale ambiri amakuika patsogolo. Amene wakhala chaka chathunthu akukambirana ndi mafumu ndi mashehe a ku Mangochi za katemera ali ndi zambiri zolemba kuposa uja.

Dongosolo la zilankhulo lisinthe malinga ndi ntchito. Ku likulu la United Nations ntchito imayenda m'Chingerezi ndi Chifalansa, ku SADC amawonjezera Chipwitikizi, ndipo African Union inavomereza Chiswahili mu 2022. Werengani chilengezo cha ntchitoyo, muone chilankhulo chimene achitchula kuti n'chofunika, muyambe ndi chimenecho, kenako zina zitsatire.