Mukasiya kulipira Netflix, zanu zimapita kuti?

Ndalama zikavuta n'kuletsa akaunti ya Netflix, zanu sizifufutika tsiku lomwelo. Mumaonerabe mpaka mwezi umene munalipira utatha. Kenako kampaniyo imasunga kwakanthawi maprofayilo, mndandanda wa My List, ngakhalenso pamene munalekezera filimu, koma si kwamuyaya.

Tinene kuti munaletsa mu Januwale ndipo mu Epulo mwapeza ndalama. Lowani ndi imelo ndi pasiwedi zakale zomwe zija, musankhe kuyambiranso kulipira, ndipo zanu muzipeza. Apa ndi pamene ambiri amasokoneza, ndipo zimandimvetsa chisoni: amalembetsa ndi imelo ina, n'kupeza akaunti yopanda kanthu, n'kumadandaula kuti zonse zatayika, chonsecho zili mu akaunti yakale ija.