Miyeso isanu yogwirizana, yankho lolakwika: kulemba za kuphonya poyeza mafunde

M'malipoti ambiri a ophunzira fizikisi, ndime yofotokoza mmene muyeso ungakhalire utaphonya imangokhala ndi chiganizo chimodzi: "Zotsatira sizinali zenizeni chifukwa munthu amalakwitsa." Chiganizochi sichinena chimene chinalakwika, kukula kwake, kapena ngati chinakweza yankho kapena kulitsitsa. Zitatuzi ndiye ntchito yonse ya ndimeyo, ndipo kuyeza mafunde m'thanki ya m'labotale kumazionetsa bwino kwambiri.

Thankiyo ndi thireyi yokhala ndi galasi pansi, ndipo mumathiridwa madzi akuya pafupifupi sentimita imodzi. Pamwamba pamakhala nyale, pansi pa thankiyo pepala loyera. Kamota kamagwedeza kathabwa kongokhudza madzi, mafunde owongoka n'kumayenda motsatizana. Msana wa funde lililonse umasonkhanitsa kuwala kwa nyale, motero papepala pamaoneka mizere yowala. Chimene wophunzira akufuna ndi utali wa funde, kutanthauza mtunda wochoka pa msana umodzi kufika pa wotsatira. Zindikirani pano, poti nkhani yonse yagona pamenepa: rula siikhudza mafundewo. Imayeza chithunzithunzi chawo papepala.

Tiyeni titsate wophunzira wongoyerekezera. Waimitsa mizere ija m'maso pogwiritsa ntchito sitirobosikopu, chimbale cha mipata chimene munthu amazunguza akusuzumira. Sanayeze funde limodzi, popeza m'mphepete mwa mzere simuoneka bwino ndipo n'zosavuta kuphonya ndi mamilimita atatu. Pa funde limodzi la masentimita 3 kuphonya kotere ndi 10 peresenti. Pa mafunde khumi ndi 1 peresenti yokha. Ndiye wayeza mafunde khumi pamodzi, kasanu, n'kupeza masentimita 29.4, 30.2, 29.8, 30.6 ndi 30.0.

Akaphatikiza n'kugawa ndi 5 akupeza 30.0. Muyeso waukulu ndi waung'ono akusiyana ndi 1.2, ndipo theka lake ndi 0.6. Mafunde khumi ndi masentimita 30.0 ± 0.6, funde limodzi 3.00 ± 0.06. Chikaiko chake ndi 2 peresenti. Ambiri apa amalemba ± 0.1 chifukwa rula ili ndi timizere ta milimita imodzi. Kumeneko n'kudzipatsa ulemu umene miyesoyo sinapereke. Miyeso yake yomwe ikuonetsa kuti akumwazika ndi mamilimita 6, chifukwa mizere imagwedera ndipo dzanja silizunguza chimbale mofanana. Chikaiko cholemba ndi chachikulucho.

Kuphonya kwa mtundu umenewu, kopita uku ndi uku, kumachepa munthu akabwereza muyeso. Pali kwina kumene kubwereza sikuthandiza ngakhale pang'ono. Sikelo ya pamsika ikakhala yobera, muyezerepo nyemba kakhumi, nambala ibwera yomweyo ndipo kakhumi konse mwaberedwa. M'thankimu sikelo yoberayo ndi nyale. Kuwala kumachoka pamalo amodzi n'kumatambasuka, choncho chithunzithunzi chimakula kuposa chinthu chenicheni. Ngati nyale ili masentimita 60 pamwamba pa madzi ndipo pepala lili masentimita 30 pansi pake, kuwala kwayenda 90 kufika papepala, ndipo chilichonse chakula ndi 90 kugawa ndi 60, yomwe ndi 1.5. Miyeso isanu ija, yogwirizana bwinobwino, yonse yapitirira ndi theka.

Njira yodalirika yopezera kukulaku ndi kuika m'madzimo kachitsulo kodziwika utali, tinene masentimita 10.0, n'kuyeza mthunzi wake. Wophunzira wathu wapeza 15.0 ± 0.3, poti nawonso mthunzi ulibe malire akuthwa. Agawe 3.00 ndi 1.5, ndipo utali weniweni wa funde ndi masentimita 2.00. Koma kukonza kumeneku kwabwera ndi chikaiko chake: 0.3 pa 15.0 ndi 2 peresenti. Pochulukitsa kapena kugawa, lamulo losavuta la kusekondale ndi kuphatikiza maperesenti, kotero 2 ndi 2 zipanga 4. Yankho lolemba ndi masentimita 2.00 ± 0.08. Kakyuleta ikapereka 2.0013333, manambala akumapetowo asalowe mu lipoti. Munthu wokaikira pa 0.08 sanganene kanthu za malo achisanu ndi chiwiri.

Ine ndimaona kuti ndime yabwino imadziwika pamenepa: chinthu chimene chingathe kukonzedwa sichitchulidwa ngati chowiringula, chimakonzedwa, kenaka wolemba amanena chikaiko chimene chatsala.

Pali misampha ina iwiri imene imasiya chizindikiro chake m'manambala. Woyamba ndi kuwerenga mizere m'malo mwa mipata. Mafunde khumi amafuna mizere 11, chifukwa mzere woyamba ndi poyambira chabe. Wowerenga mizere khumi amayeza masentimita 27, n'kugawa ndi khumi, yankho n'kutsika ndi 10 peresenti. Ngati gulu limodzi m'kalasi lapeza yankho lochepa chotero poyerekeza ndi anzawo a pa thanki yomweyo, liyambe kufufuza apa. Wachiwiri ndi wa chimbale chija. Mipata ikamadutsa pa diso kawiri pa nthawi imene funde limodzi likudutsa, mizere imaonekabe itaima, koma yachuluka kawiri, ndipo utali umaoneka theka. Kujambula pepalalo ndi foni, rula ili pomwepo, kumathetsa mkangano, chifukwa chithunzi cha kamphindi kamodzi chimaonetsa mizere yeniyeni.

Ndipo pali njira yodzipimira. Liwiro la funde limapezeka ndi `v = fλ`, kuchulukitsa utali ndi chiwerengero cha mafunde otuluka pa sekondi. Ngati mota ikutulutsa 12 pa sekondi, masentimita 2.00 apereka liwiro la masentimita 24 pa sekondi. Timafunde totalika chonchi pamadzi oyera timayendadi pafupifupi masentimita 23 pa sekondi, ndipo 4 peresenti ya 24 ndi pafupifupi 1, ndiye zikugwirizana. Woiwala za nyale akanapeza 36. Kusiyana kotere sikungabisale mu ± 2 peresenti, ndipo lipoti loona liyenera kunena kuti pali china chimene sichinakonzedwe.

Nanga ndimeyo imveke bwanji? Mwachitsanzo motere: "Miyeso isanu ya mafunde khumi inamwazika ndi masentimita 0.6 pa 30.0, yomwe ndi 2 peresenti, makamaka chifukwa mizere sinaime nji. Chithunzithunzi chinali chachikulu ka 1.5 kuposa mafunde enieni. Zimenezi zikanakweza yankho ndi theka, ndipo tinazikonza pogawa ndi 1.5. Muyeso wa mthunzi unawonjezera 2 peresenti. Utali wa funde ndi masentimita 2.00 ± 0.08."

Malangizo a mmene muyeso ungakonzedwere achokere m'manambala omwewa. Kupempha rula yabwino n'kutaya mawu, poti rula sinali vuto. Theka la chikaiko lachokera ku mthunzi, ndiye kachitsulo ka masentimita 20 kangalidule pakati, chifukwa 0.3 yemweyo akhala pa 30. Theka linalo lachokera ku mizere yogwedera, ndipo limachepa pojambula, kapena poyala siponji m'mbali mwa thanki kuti mafunde obwerera asasokoneze amene akuyezedwa. Thankiyo ikhalenso yosapendekeka: madzi akachepa kwambiri mbali imodzi, mafunde amayenda pang'onopang'ono kumeneko n'kufupika, ndipo mizere imaoneka yothithikana kapena yopindika.