Nyenyezi yowerengera malonda

Tiyerekeze kuti mayi wina wagula mapaketi 3 a shuga a K9,000 ndi botolo la mafuta la K6,000 mugolosale yaikulu. Wogulitsa akangodina, detabesi ya patilo imalemba lisitilo nthawi yomweyo. Detabesi yotere imamangidwa kuti chinthu chilichonse chilembedwe malo amodzi okha: dzina la katundu m'tebulo lake, gulu la katunduyo m'tebulo lina, boma la wogula kwinanso. Nzeruzi zinachokera kwa Edgar Codd m'zaka za m'ma 1970, ndipo ubwino wake ngwakuti dzina likasintha mumakonza pamodzi basi.

Vuto limabwera abwana akafuna kudziwa mmene malonda akuyendera m'boma lililonse. Matebulo omwazikana aja amafunika kulumikizidwa ambirimbiri, ndipo funso limodzi likhoza kuchedwetsa matilo, anthu ali pamzere.

N'chifukwa chake zowerengera amazimangira nkhokwe ina, m'kamangidwe ka nyenyezi kamene Ralph Kimball anakatchukitsa ndi buku lake la mu 1996. Pakati pamakhala tebulo la zochitika, lalitali koma lopyapyala, lokhala ndi manambala okha: kuchuluka kwa katundu, ndalama, ndi makiyi olozera matebulo ena. M'mbali mwake, ngati nsonga za nyenyezi, mumakhala matebulo ofotokoza tsiku, katundu, sitolo ndi kasitomala. Amenewa amabwereza mawu mwadala. Dzina la boma likhoza kulembedwa pa makasitomala onse a kumeneko, kuti funso lizifupika chonchi:

```
SELECT k.boma, SUM(z.ndalama)
FROM zogulitsa z
JOIN kasitomala k ON z.kasitomala_id = k.id
GROUP BY k.boma;
```

Chimene ine ndimaumirira, ntchito isanayambe n'komwe, ndi kugwirizana kuti mzere umodzi wa tebulo lapakati ukuimira chiyani. Ngati ukuimira mtundu umodzi wa katundu palisiti, mayi aja ali ndi mizere iwiri, wa K9,000 ndi wa K6,000. Wina akaikamo K15,000 ya lisiti lonse pamzere uliwonse, lipoti lidzaonetsa K30,000. Kompyuta sidandaula, imangophatikiza. Mumadzazindikira poyerekeza lipotilo ndi ndalama za m'matilo.

Nanga mayiwo akasamuka ku Zomba kupita ku Karonga? Detabesi ya patilo nthawi zambiri imafufuta Zomba n'kulemba Karonga, poti imasamala za lero. Mukachita chimodzimodzi mu nyenyezi, zonse zimene anagula kale zisamukira nawo, ndipo lipoti la Zomba la chaka chatha lichepa popanda wina wobweza katundu. Choncho mzere wakale amausiya, n'kuwonjezera wina wa Karonga wokhala ndi kiyi yatsopano ndiponso tsiku limene unayamba kugwira ntchito. Shuga uja amakhalabe wa ku Zomba, ndipo malisiti atsopano amaloza kiyi ya Karonga.