Mwati Dzina Ndani? Kugwira Dzina la Mlendo Moni Asanazizire

Chaka china tikuyeza anthu kuthamanga kwa magazi pansi pa mtengo wa mango, panabwera mayi wina wachikulire. Makina anaonetsa manambala okwera kwambiri. Tinakhala pambali, ndipo anandiululira za m'nyumba mwawo zimene zinkawasowetsa tulo. Patangotha milungu iwiri tinakumana pachigayo. Anandimwetulira n'kunena kuti, “Aphungu anga aja!” Ine ndinangoti kukamwa yasa, kenako n'kufunsa kuti, “Pepani, kodi tinaonana kuti?” Nkhope yawo inagwa nthawi yomweyo. Tsiku loyezanso litakwana, mayiwo sanabwere.

Kwa zaka zambiri ndinkadzikhululukira kuti mutu wanga sugwira mayina. Nditayamba kuwerenga za mmene ubongo umasungira zinthu, ndinapeza kuti mayina ambiri amene timati tawaiwala sitinawamve n'komwe.

Taganizirani zimene zimachitika pa moni. Dzanja lili m'dzanja, mukufuna kuyankha “Tili bwino, kaya inu?”, mukuganiza ngati mugwade kapena mungowerama, mukukonzekeranso kutchula dzina lanu. Dzina la mnzanuyo limatuluka pa nthawi imene mutu wadzaza ndi za inu mwini. Mu 1973, katswiri wa za maganizo Malcolm Brenner anakhazika anthu mozungulira kuti aziwerenga mawu mokweza mosinthanasinthana. Atawafunsa pambuyo pake, aliyense ankalephera kwambiri kukumbukira mawu amene ananenedwa nthawi yake yolankhula itatsala pang'ono kukwana. Makutu anali otseguka, koma maganizo anali pa zimene iyeyo adzanene. Kwathu kuno vutoli limakula chifukwa cha ulemu: wachinyamata amatchula dzina lake motsitsa mawu, atayang'ana pansi, ndipo ife timachita manyazi kumuuza kuti abwereze.

Choncho ntchito yoyamba imachitika dzanja lisanatambasulidwe. Dziuzeni kuti, “Chimene ndikufuna pano ndi dzina.” Lanu simungaliiwale, musavutike kulikonzekera. Ngati simunamve bwino, funsani pomwepo: “Pepani, mwati ndani?” Pa mphindi yoyamba funso limeneli ndi ulemu. Pakatha mwezi limabaya, monga ndinaonera pachigayo paja.

Mukalimva, libwezeni ndi pakamwa panu. “Zikomo bambo Mvula, takulandirani.” Kutero kumachita zinthu ziwiri. Ngati munamva molakwa, mwiniwake amakukonzani nthawi yomweyo, dzina lolakwika lisanamere mizu. Komanso dzina limene ladutsa pa lilime lanu limakhalitsa kuposa limene langokhudza khutu. Koma musapitirire muyezo. Kulitchula kawiri kapena katatu pa macheza onse n'kokwanira. Munthu wotchula dzina lako m'chiganizo chilichonse amamveka ngati akufuna kukukongola ndalama. Ndipo kwa akuluakulu, bwezani dzina limene iwo akupatsani. Akati “Ndine Nabanda” kapena “Ndine make Chisomo”, limenelo ndiye loti mugwire, osayamba kufufuza dzina lawo la paubwana.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani. N'chifukwa chiyani timakumbukira kuti munthu uja ndi telala wa pamsika, ali ndi ana amapasa, kwawo ndi ku Ntcheu, koma dzina lokha n'kusowa? Mu 1987 akatswiri ena ku Britain anaonetsa anthu zithunzi za nkhope zachilendo, n'kumawauza dzina ndi ntchito ya munthu aliyense. M'Chingerezi muli mayina amene ndi mawu a ntchito, monga Baker, lomwe limatanthauza wophika buledi. Anthu akauzidwa kuti uyu ntchito yake ndi yophika buledi, ankakumbukira mosavuta. Akauzidwa mawu omwewo ngati dzina lake, ankavutika nawo. Kusiyana kwake n'kwakuti ntchito imabwera ndi katundu wake: ufa, uvuni, fungo la buledi wamoto. Dzina limabwera lokhalokha, lopanda pogwira, ngati mtsuko wopanda nkhata.

Apa ife tili ndi mwayi, chifukwa mayina athu ambiri sanataye matanthauzo. Phiri ndi phiri, Mvula ndi mvula, Ng'oma ndi ng'oma, Njovu ndi njovu. Mavuto, Tiyamike, Limbani, Takondwa, onsewa ndi mawu amoyo. Kungoti tinawazolowera kwambiri moti sitimvanso tanthauzo lake. Luso ndi kulidzutsa tanthauzolo, kulisandutsa chithunzi, n'kuchipachika pa nkhope ya mwini dzinalo.

Tiyerekeze kuti mwaima pakhomo la tchalitchi Sabata m'mawa, ndipo mlendo wakuuzani kuti ndi bambo Mvula, achokera ku Mulanje. Pamene mukugwirana chanza, yang'anani nkhope yawo kamphindi kochepa n'kusankhapo chinthu chimodzi chokha chimene chakukopani maso. Tinene kuti ali ndi nsidze zochindikala. Mumtima mwanu onani nsidzezo ngati udzu wa pakhonde, mvula ikugwa pamphumi n'kumadontha kunsonga kwake. Mukafuna, ikani phiri la Mulanje kumbuyo kwawo, mitambo itakuta. Zonsezi zimatenga masekondi atatu kapena anayi, pakamwa pakupitiriza kufunsa za ulendo. Sabata lotsatira mukadzaona nsidze zija, madontho aja adzabwera okha, ndipo dzina lidzatsatira.

Chinthu chosankhacho chikhale chosasintha: mpata wa pakati pa mano, chipsera, kaumbidwe ka makutu, chibwano chosongoka, kanjerewere pa tsaya. Ambiri timalakwa pogwira duku, chitenje, magalasi kapena tsitsi. Ine ndinasungapo mayi wina monga “a duku lobiriwira”, ndipo atabwera atavala loyera ndinawalandiranso ngati mlendo. Wigi ndiye musayerekeze n'komwe. Ndikudziwa kuti kuyang'anitsitsa munthu wamkulu m'maso si khalidwe lathu, koma simukufunika kutong'ola maso. Kuyang'ana kamodzi popereka moni ndi kamodzi potsanzikana n'kokwanira, bola mukhale mukudziwa chimene mukufuna kuona.

Nanga dzina likakhala lopanda tanthauzo lodziwika kwa inu? Lilumikizeni kwa munthu amene mumamudziwa kale wa dzina lomwelo. Mlendo akati ndi Esitere, muimikeni m'maganizo pafupi ndi Esitere amene munaphunzira naye kupulayimale, kapena mumuveke chisoti cha mfumukazi ya m'Baibulo ija. Likakhala lachilendo kotheratu, funsani kalembedwe kake kapena kumene linachokera. Anthu ambiri amasangalala kufotokoza amene anawatcha dzina ndi chifukwa chake, ndipo kankhani kameneko n'komwe kamasanduka chogwirira.

Chenjezo limodzi: chithunzicho ndi chanu chokha, ndipo chikhale choti ngakhale chitapulumuka pakamwa sichingachititse manyazi. Kulumikiza a Mbewe ndi mbewa n'kosavuta, koma tsiku lina lilime lidzaterereka pagulu.

Vuto lathu lenileni ndi kuchuluka kwa a Phiri ndi a Banda. Pa tsiku limodzi loyeza anthu mutha kulandira a Phiri asanu, ndipo chithunzi cha phiri sichingawasiyanitse. Pamenepa dzina la mfunda limafuna mnzake: dzina loyamba, mudzi kapena ntchito. A Phiri a njinga ya kabaza, a Phiri a ku Chingale, a Phiri aphunzitsi. Kwa ife oyeza anthu iyi si nkhani ya ulemu wokha. Kulemba manambala a shuga a Phiri wina pa khadi la Phiri wina kungachititse wodwala kupita kwawo ali wokhutira, wabwinobwino n'kugona ndi mantha. Pa zolemba zaumoyo musadalire chithunzi cha m'mutu. Funsani dzina lonse nthawi iliyonse.

Chithunzi chikapachikidwa, chatsala ndi kuchithirira, ndipo apa mpamene ambiri timasiyira panjira. Kunong'ona “Mvula, Mvula, Mvula” kakhumi motsatizana sikuthandiza kwenikweni, chifukwa dzinalo likadali pa lilime, ubongo sukugwira ntchito yolifuna. Chimene chimalimbitsa ndi kulisiya lichoke pang'ono, kenako n'kulikoka. Mu 1978, Thomas Landauer ndi Robert Bjork anayesa zimenezi pa kuphunzira mayina, ndipo anapeza kuti kudzifunsa msanga koyamba, kenako n'kumatalikitsa mpata pang'onopang'ono, kumathandiza kuposa kubwereza nthawi imodzi.

Kwa bambo Mvula aja zingayende motere. Akangolowa n'kukhala pansi, patapita ngati theka la mphindi, ayang'aneni n'kudzifunsa kuti, “Awo ndani?” Chitaninso pakatha mphindi zisanu, kenako nyimbo ikatha, kenako potuluka, pamene mudzalitchule mokweza: “Muyende bwino bambo Mvula.” Madzulo musanagone, bweretsani nkhope za alendo a tsikulo m'maganizo imodziimodzi n'kutchula mayina awo, kenako lembani m'kakope: dzina, kochokera, ndi chizindikiro chija. Lachisanu madzulo phimbani mayinawo ndi chala, werengani zizindikiro zokha, muone ngati mayina abwera. Mukamva kakuvutikira pang'ono dzina lisanatulukire, dziwani kuti njirayo ikugwira. Likakana kubwera pa ulendo woyamba uja, ndiye kuti silinalowe; pitani mukafunsenso tsiku lomwelo.

Njirayi ili ndi malire ake. Pa chinkhoswe kapena pamaliro, pamene akukuonetsani anthu khumi ndi awiri mondondozana, simungawagwire onse. Sankhani atatu kapena anayi amene mudzakumane nawonso, enawo mudzawafunse mukakhala nawo pawiri. Kutopa ndi kusagona kumafooketsanso chidwi, ndipo chidwi chikafooka palibe chimene chimalowa. Ngati mwaona kuti mayina akukuphonyani makamaka pa phokoso, kapena mumamva Mwale pamene anena Mbale, kayezetseni makutu musanaimbe mlandu ubongo.

Palinso anthu ena, pafupifupi awiri pa 100 alionse malinga ndi kafukufuku, amene amavutika kuzindikira nkhope chibadwire, ngakhale maso awo ndi nzeru zawo zili bwinobwino. Dokotala wa ubongo wotchuka Oliver Sacks anali ndi vutoli ndipo analemba za ilo. Anthu otere amathandizidwa pogwira mawu a munthu, kayendedwe ndi msinkhu, komanso pouza anzawo poyera kuti, “Mukandipeza, muzindiuza dzina lanu.” Ngati mwana wanu amadutsa azakhali ake pamsewu koma amawazindikira akangolankhula, musafulumire kumunena kuti ndi wamwano.

Zimenezi n'zosiyana ndi kusintha kobwera mwadzidzidzi. Dzina la mlendo kuthawa n'kudzabwera usiku muli pamphasa n'zachibadwa pa msinkhu uliwonse. Koma munthu akadzuka n'kulephera kuzindikira mkazi wake kapena ana ake, makamaka ngati pakamwa papotoka, mawu akulowerera kapena dzanja lafooka, chingakhale sitiroko. Ameneyo mupite naye kuchipatala ola lomwelo, osadikira kuti kuche.