Zolembedwa pa Lipoti la MRI ya Msana: Kodi Zonse ndi Matenda?

Anthu ambiri amene ajambulidwa msana ndi makina a MRI amagwidwa mantha akawerenga lipoti lawo. Nkofunika kudziwa kuti chithunzi chimaonetsa maonekedwe a msana, koma sichionetsa ululu.

Mmunsi mwa msana muli mafupa asanu otchedwa L1 mpaka L5. Pakati pa fupa ndi linzake pali kankhata kotchedwa disiki, kolimba kunja koma kofewa mkati. Lipoti likanena za baloji, ndiye kuti kankhatako kaphwatalala ndi kutukumukira m'mbali, monga ichitira nkhata imene yasenza mtolo nthawi yaitali. Heniyeshoni ndi pamene zofewa za mkati zatulukira pamalo amodzi pamene khungu la kankhatako lafooka. Sitenosisi ndi kuchepa kwa mpata umene mitsempha yopita kumiyendo imadutsamo.

Zimenezi zimabwera ndi msinkhu, monga imvi, chifukwa disiki imauma pang'onopang'ono munthu akamakula. M'chaka cha 1994, madokotala a ku Amereka anajambula anthu 98 amene sankamva msana kupweteka. Oposa theka anapezeka ndi disiki yotukumuka, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali ndi heniyeshoni yaing'ono. Anthuwa sankamva kanthu chifukwa mitsempha ili ndi malo otsala, ndipo kawirikawiri ululu umayamba pamene mtsempha wapanikizika ndi kutupa.

Nchifukwa chake dokotala amayerekeza lipoti ndi zimene wodwala akumva. Tiyerekeze mlimi wa zaka 50 amene lipoti lake likuti heniyeshoni ikukhudza mtsempha wa kumanzere pa L5-S1. Mtsempha umenewu umatsika kumbuyo kwa mwendo mpaka kuchala chaching'ono cha phazi. Ngati ululu ndi dzanzi zikutsata njira imeneyi kumanzere, ndipo akuvutika kuimira zala, lipoti ndi thupi zagwirizana. Koma ngati akumva m'chiuno mokha, kapena mwendo wakumanja, heniyeshoniyo siingakhale gwero la vuto lake, ndipo kuichita opaleshoni sikungamuthandize. Sitenosisi nayo ili ndi chizindikiro chake: miyendo imalemera munthu akayenda kapena kuima, ndipo imapepuka akakhala pansi kapena kuwerama.

Ngakhale heniyeshoni yopweteka, kawirikawiri imapola popanda opaleshoni pa masabata 6 mpaka 12, ndipo zotulukazo thupi limatha kuzimeza lokha. Kuyendayenda kumathandiza kuposa kugona pamphasa masiku ambiri.

Komabe thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo mukaona dzanzi pakati pa miyendo, mkodzo kukanika kutuluka, mkodzo kapena chimbudzi kutuluka mosadziwa, kapena mwendo kufooka mowonjezereka. Msana ukamapweteka pamodzi ndi kutentha thupi, kuonda ndi thukuta la usiku, pitani mukapimidwe msanga, pakuti TB imagwiranso mafupa a msana.