Malikisi 12 a Funso la Chiwongoladzanja: Wochonga Amayang'ana Chiyani?

Mapepala awiri anali pathebulo panga usiku umenewo, onse a mayeso oyeserera a phunziro la zachuma. Loyamba linali la mnyamata amene anadzaza masamba atatu ndi zolemba zooneka bwino, ndipo ndinamupatsa malikisi 5 pa 12. Lachiwiri linali la mtsikana amene analemba tsamba limodzi ndi theka, mofufutafufuta, koma anapeza 10. Kutacha mnyamata uja anandipeza pakhomo la kalasi pepala lili m'manja. "Aphunzitsi, chimene ndalakwitsa n'chiyani? Zonse ndalembazi zili m'buku." Sananame, zonse zinalidi zoona. Chomwe sankadziwa ndi mmene malikisiwo amagawidwira.

Funso lamtunduwu limapezeka m'mayeso a Cambridge a AS Level, pepala lachiwiri la zachuma, omwe ana a sukulu zina za ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe amalemba. Langa ndinalifunsa motere: banki yaikulu ya dziko lomwe limachita malonda ndi mayiko ena yakweza chiwongoladzanja pofuna kuchepetsa kukwera mitengo kwa zinthu, unikani ngati njira imeneyi ingathandizedi. Kalozera wa wochonga amagawa malikisi 12 aja pawiri. Asanu ndi atatu ndi a kudziwa nkhaniyo ndi kuifotokoza mwatsatanetsatane, anayi otsalawo ndi a kuyeza mbali zonse n'kugamula. Wochonga sawerenga kuti mfundo zilipo zingati. Amawerenga yankho lonse n'kuona khwerero lomwe likuyenera: pa malikisi 8 aja, lapansi ndi 1 mpaka 2, lapakati 3 mpaka 5, lapamwamba 6 mpaka 8.

Mnyamata uja anayamba bwino. Anati kumanga lamba pa ndalama n'kukweza chiwongoladzanja kapena kuchepetsa ndalama zomwe zikuzungulira m'dziko. Analembanso chiwerengero cha zonse zomwe anthu akufuna kugula, AD = C + I + G + (X − M), n'kufotokoza kuti ngongole zikadula mabanja amagula zochepa, amalonda amaimika kaye zomanga mafakitale, motero mitengo siithamanganso monga kale. Mpaka apa zinali bwino. Koma zilembo ziwiri zakumapeto zija, X wa katundu wogulitsa kunja ndi M wa katundu woitanitsa, sanazikhudzenso m'masamba onse atatu. Analemba ngati dzikolo lili ndi mpanda. Funso likatchula dziko lochita malonda ndi anzake, ndiye kuti likufuna nkhani ya mphamvu ya ndalama ya dzikolo poyerekeza ndi zakunja, ndipo yankho loiwala zimenezi layankha theka la funso. Ine sindingalikweze kupitirira khwerero lapakati, ngakhale litakoma chotani.

Mtsikana uja ndi pomwe anamusiyira mnzakeyo. Iye analumikiza mfundo ngati unyolo, mphete ndi mphete. Chiwongoladzanja cha ku Britain chikakwera kuposa cha kwina, anthu akunja okhala ndi ndalama amafuna kuzisunga kumeneko kuti zibereke zambiri. Kuti atero ayenera kugula mapaundi, ndipo ofuna paundi akachuluka mtengo wake umakwera. Kenaka anaika manambala ongoyerekeza: paundi imodzi ichoke pa madola 1.20 kufika pa 1.30. Galimoto ya mapaundi 20,000 yomwe munthu wa ku America ankaigula madola 24,000 tsopano aigula 26,000, choncho ogula achepa ndipo X watsika. Katundu wa madola 156 yemwe ankalowa m'Britain pa mapaundi 130 tsopano alowa pa 120, ndiye M akwera. Anamaliza ndi chiganizo chomwe ndinachilemba mzere kunsi: mitengo ikutsika kudzera njira ziwiri, chifukwa zogulidwa zonse zachepa, komanso mafuta ndi zipangizo zochokera kunja zatchipa kwa opanga katundu. Ndinamupatsa 7 pa 8. Imodzi inatsala chifukwa chithunzi chake cha AD anachijambula osalemba mayina a mizere, komanso sanachitchule m'mawu ake.

Ana ambiri amalemba kuti "chiwongoladzanja chikakwera ndalama imalimba", n'kupitirira. Zimenezi n'zoona, koma mphete yapakati yasowa: ndani akugula ndalamayo, ndipo chifukwa chiyani? Wochonga akaona kulumpha kotere amadziwa kuti mwanayo waloweza pamtima.

Malikisi anayi omaliza ndi omwe amandipweteka mtima, chifukwa amatayika mosavuta. Yankho loona mbali imodzi yokha silipeza kanthu pano. Mnyamata uja analemba mzere umodzi kumapeto, kuti njirayi ili ndi ubwino ndi kuipa kwake. Mawu otere sagamula chilichonse. Imodzi yomwe anapeza inachokera pa chiganizo china chomwe anatchulamo mongodutsa kuti ntchito zingathe. Kuti munthu afike pa 3 kapena 4 ayenera kunena kuti unyolo uja ungaduke pati, afotokoze chifukwa chake, kenaka apereke chigamulo choyankha funso lenilenilo.

Ndipotu zitsanzo sizisowa. Banki yaikulu ya ku Britain inayamba kukweza chiwongoladzanja mu Disembala 2021 kuchokera pa 0.1 peresenti, n'kufika pa 5.25 mu Ogasiti 2023. Komabe mu Seputembala 2022 paundi inagwa kwambiri poyerekeza ndi dola, mwa zina chifukwa ku America nakonso chiwongoladzanja chinkakwera mofulumira, komanso osunga ndalama anataya chikhulupiriro pa mapulani a boma a misonkho. Chomwe chimakoka ndalama zakunja si kukwera kokha ayi, koma kusiyana ndi kwa anzako, ndiponso ngati anthu akukukhulupirira.

Mtsikana uja anatenga chitsanzo cha kwathu konkuno. Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja kuchoka pa 12 peresenti kumayambiriro kwa 2022 kufika pa 26 mu Febuluwale 2024, koma kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Iye anati kuno mtengo wa kwacha suyenda momasuka pamsika, ndalama zakunja n'zosowa, ndipo wakunja sangathamangire kudzasunga ndalama zomwe akukayika ngati adzazitulutse. Anawonjezera kuti mitengo ikakwera chifukwa chimanga sichinachite bwino kapena feteleza ndi mafuta zadula, kudulitsa ngongole sikudzaza nkhokwe. Chigamulo chake chinali chakuti njirayi imagwira bwino pomwe vuto ndi kuchuluka kwa ogula ndipo ndalama zimalowa ndi kutuluka momasuka, koma pomwe vuto ndi kusowa kwa katundu imafunika kuyenda limodzi ndi njira zowonjezera zokolola. Ndinamupatsa 3. Ya chinayi akanaipeza akanayeza phindulo ndi mtengo wake, monga ntchito zomwe zingathe kwa ogulitsa kunja, kapena kuti zotsatira za chiwongoladzanja zimatenga chaka kapena kuposerapo kuti zioneke zonse.

Makolo ndi aphunzitsi anzanga, mwana akakubweretserani yankho la funso ngati ili, musawerenge masamba. Mufunseni aloze ndi chala pomwe walemba za mphamvu ya ndalama, kenaka aloze chiganizo chomwe wagamulira. Akasowa poloza, mubwezereni cholembera alembenso.