Kusanja Nchito Zotsala Dzuwa Lisanakwere

M'mwezi wa Disembala mlimi wa cimanga amadzuka nchito zitamuunjikira. Mlimi wanzeru, asanagwire khasu, amayamba walemba m'kabuku nchito zonse zotsala, zazikulu ndi zazing'ono zomwe, pakuti yosalembedwa imaiwalika.

Mwacitsanzo, walemba zinayi: kuthira feteleza wa pamwamba, kupalira, kutseka mpata wa khola la ng'ombe, ndi kusema mpini watsopano. Pa iliyonse amadzifunsa kuti, kodi cingaonongeke n'ciani nchitoyi ikagona?

Khola liyenera kutsekedwa lero lomwe, cifukwa ng'ombe zikatuluka usiku zidzadya mbewu za eni ndi kuutsa mlandu. Kupalira nakonso n'kwa lero, popeza udzu umapweteka cimanga makamaka cikali cacing'ono. Feteleza ayembekeze munda uyere. Akathiridwa msanga adzangonenepetsa udzu. Mpini ungadikire Loweruka ngati wakalewo ukali wolimba.

Pomaliza amagawa nthawi: kupalira m'mawa kukali kozizira, khola masana ng'ombe zili kubusa. Nchito yatha amaidula mzere; yotsala imakhala yoyamba kulembedwa mawa.